WeTransfer anatseka ku ofesi, kalata ya kwa a IT ndilembemo chani?

"Ndimagwira ntchito mu dipatimenti yotsatsa malonda pa kampani ina ku Ginnery Corner. Amene amatipangira dizaini ndi kusindikiza mabilibodi athu ali ku Limbe ndipo mafayilo amatitumizira pa WeTransfer, koma pa kompyuta ya ku ofesi ikukana akuti ndiyotsekedwa. Fayilo ya pano ndi ya 380 MB ndipo ndikuyenera kuyiona ndisanavomereze kuti asindikize Lachisanu. A IT nditawauza pa kolido anangoti lembani kalata. Ndilembemo chani kuti asandikanize?" Mayi wa ku Chilomoni

Achemwali, musawakwiyire a IT aja chifukwa chokuuzani za kalata, munthu amene watsimikiza kukukanizani sanena kuti lembani, amangoti sizitheka basi nkumapita. Ine ntchito yanga ndi yomweyo yoyang'anira netiweki ya mu ofesi konkuno ku Blantyre, nde ndikuuzani zimene timasaka ife tikatsegula imelo ngati yanuyo. Munthu uja akamaliza kuwerenga amayenera kukakhala pa makina nkulemba lamulo, ndipo lamulolo limafunsa zinthu zake zake: adilesi iti, ya ndani, kuti apange chani, mpaka liti, wavomereza ndani. Kalata yokhala ndi mayankho amenewa imatheka tsiku lomwelo. Kalata yongoti chonde nditsegulireni ndikufuna kugwirira ntchito imagona, osati chifukwa cha nkhanza ayi koma mulibe choti munthu angalembe pa makina paja, nde amayenera kukubwererani ndi mafunso ndipo akatanganidwa ndi pulinta ya kwa abwana imene yafa, zanu zija zaiwalika.

Kaye mumvetse mmene inatsekedwera. Anthu ambiri amaganiza kuti a IT anakhala pansi nkumasankha mawebusaiti imodzi imodzi kuti iyi nditseke, iyi ndisiye. Si choncho. Pakati pa ofesi yanu ndi intaneti pali kabokosi kamene timati fayawolo, m'maofesi ambiri muno mupeza ndi ka FortiGate kapena ka Sophos, ndipo kampani imene inapanga kabokosiko inagawa kale mawebusaiti m'magulu: a juga, a zolaula, a mavidiyo, ocheza, osungira ndi kutumizira mafayilo ndi ena otero. Ofesi imangosankha magulu oti atsekedwe. Nde WeTransfer yanuyo palibe amene anadana nayo payokha, inangogwera mu gulu limodzi ndi Dropbox ndi zinzake, pa FortiGate gululi limalembedwa kuti File Sharing and Storage. Izi ndizofunika pa kalata yanu chifukwa simukupempha kuti gulu lonse litsegulidwe, zimenezo palibe angavomere, mukupempha kuti pa gulu lonselo apatulepo imodzi yokha, ya inu nokha.

Ndipo gulu limeneli timaliopa zenizeni, mwina kuposa Facebook imene anthu amaganiza kuti ndi imene timalimbana nayo. Facebook imangodya nthawi ndi netiweki. Webusaiti yotumizira mafayilo ili ndi makomo awiri. Lina ndi lotulutsira: munthu amene akusiya ntchito mawa atha kutenga mndandanda wonse wa makasitomala kapena fayilo ya malipiro a antchito nkuyitumiza kunja mu mphindi zochepa, osasiya chizindikiro mu imelo ya kampani. Lina ndi lolowetsera: akuba a pa intaneti amakonda kutumiza imelo yooneka ngati ya WeTransfer yonena kuti wina wakutumizirani invoyisi, munthu nkudina, nkupezeka wapereka pasiwedi yake kapena walowetsa vayirasi ija imatseka mafayilo onse a kampani nkumafuna dipo. Tonse tikukumbuka mu Febuluwale 2024 pamene pulezidenti anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowereredwa ndi anthu amene akufuna ndalama, anthu nkukhala masabata osalandira mapasipoti. Munthu wa IT akamawerenga kalata yanu mantha ake ali pamenepo, nde kalata yabwino imayankha mantha awiriwa iye asanafunse.

Musanalembe chilichonse tsimikizani kuti yatsekedwadi, chifukwa nthawi zina anthu amabwera akuti mwanditsekera pomwe ndi linki imene inafa yokha. Ikatsekedwa ndi fayawolo kawirikawiri pamabwera tsamba lolembedwa mawu ngati Web Page Blocked kapena Access Denied, ndipo m'munsi mwake mumakhala adilesi imene mumafuna, gulu limene yagweramo, nthawi zina ndi dzina lanu lolowera. Tsamba limeneli ndi golide kwa ife. Dinani `Windows + Shift + S`, jambulani tsamba lonse kuphatikiza kabokosi ka adilesi kapamwamba kaja ndi wotchi ya pakona, osadula. Nthawi imathandiza chifukwa fayawolo imalemba chilichonse chimene yakaniza, ndipo mukandiuza kuti zinachitika Lolemba 10:42 m'mawa ndimapita pa mzere womwewo nkuona lamulo limene lakugwirani, mmalo mofufuza mizere ya tsiku lonse ya anthu onse.

Ngati tsamba lotero silikubwera koma bulawuza ikulemba zake monga `ERR_CONNECTION_TIMED_OUT` kapena `ERR_CONNECTION_RESET` kapena `NET::ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID`, itha kukhalabe fayawolo yomweyo, makamaka lomalizalo limakonda kubwera pamene fayawolo ikufuna kukuonetsani tsamba lokaniza koma kompyuta yanu siyikuzindikira satifiketi yake. Musayese kumasulira, ingokoperani mawuwo ndendende mmene alili. Kenako tsegulani linki yomweyo pa foni yanu ndi bandulo ya TNM kapena Airtel, Wi-Fi ya ofesi mutazimitsa, kungoona ngati tsamba likutseguka, osadaunilodi ayi. Ikatseguka pa foni nkumakana pa ofesi, vuto lili kwathu. Ikakana konse konse, mwina linki yatha, paja za WeTransfer zimakhala masiku ochepa nkufufutika, nde apo woyenera kumuimbira ndi wa ku Limbe uja kuti atumizenso, osati a IT.

Tsopano adilesi, apa ndi pamene makalata ambiri amapunthwa ngakhale atavomerezedwa. Mukalemba kuti nditsegulireni WeTransfer, wa IT wachangu atsegula `wetransfer.com` nkukuyankhani kuti zatheka. Inu mudina linki ija, ikukanabe, muyamba kuganiza kuti akukunamizani. Chimene chachitika nchakuti malinki ambiri a WeTransfer amabwera ofupikitsidwa, amayamba ndi `we.tl`, ndipo kwa fayawolo imeneyo ndi webusaiti ina, siyidziwa kuti ndi a banja limodzi. Komanso mukadina batani lodaunilodira, fayilo yeniyeniyo simachokera pa tsamba loyamba lija, imachokera ku seva ina yokhala ndi dzina lake. Nde tsamba litha kutseguka bwinobwino, dzina la fayilo nkumaoneka, koma kudaunilodi osayamba. Njira yake ndi yosavuta: ikani mu kalata linki yonse mmene anakutumizirani, musayidule, ndipo mulembe kuti mukupempha kuti ayesere limodzi nanu mpaka fayilo itatsika. Maadilesi enawo wa IT adzawaona yekha pa zolemba za fayawolo pamene mukuyesa. Si ntchito yanu kuwadziwa onse, yanu ndi kumupatsa linki yeniyeni ndi mphindi zisanu za nthawi yanu.

Chenjezo limodzi pa linkiyo, aliyense amene ali nayo atha kutsitsa fayilo ija, nde muyitumize kwa a IT ndi abwana anu okha, osati pa imelo ya antchito onse kapena pa gulu la WhatsApp la ofesi.

Chachiwiri, lamulolo ligwire ndani. Kampani ikakhala kuti aliyense amalowa pa kompyuta ndi dzina lake, fayawolo zambiri zimatha kutsegulira munthu mmodzi. Kwina kumene zimenezo sanakonze, timatsegulira kompyuta. Poti simukudziwa kuti kwanu zili pati, perekani zonse. Dinani batani la Windows, lembani `cmd`, dinani Enter, pa kazenera kakuda kaja lembani izi mzere umodzi umodzi:

```
whoami
hostname
ipconfig
```

Woyamba ukupatsani dzina lanu lolowera, wachiwiri dzina la kompyuta, wachitatu utulutsa zambiri koma inu mukungofuna mzere wolembedwa IPv4 Address, nambala yake imakonda kuyamba ndi 192.168 kapena 10. Malamulo atatuwa sasintha kanthu pa kompyuta, amangowerenga. Ngati kazenerako anakatseka, siyani, ingolembani nambala ya pa sitika ya katundu wa kampani imene imamatidwa pa kompyuta. Ndipo ngati ndi laputopu imene nthawi zina mumayilumikiza ndi chingwe nthawi zina Wi-Fi, munene, chifukwa nambala ya IP ija imasiyana pa njira ziwirizo ndipo itha kusinthanso yokha pakapita masiku, ndi chifukwa chake ena amati dzulo imatheka lero yatsekedwanso, pomwe palibe wakhudzapo.

Nde tifike pa chifukwa, mtima wa kalata. Mawu oti ndi ya ntchito aliyense amalemba, ngakhale amene akufuna kuonera mpira amalemba omwewo, nde kwa ife alibenso kulemera. Chimene chimagwira ntchito ndi kufotokoza ntchitoyo ngati mukufotokozera munthu wosaidziwa: ndani akutumiza, akutumiza chani, inu mupanga nacho chani, chikachedwa chiwonongeke ndi chani. Inu nkhani yanu ndiyamphamvu kale. Muli ndi kampani yodziwika imene ofesi yanu inaipatsa ntchito, muli ndi fayilo ya kukula kodziwika, muli ndi tsiku. Ngati pali nambala ya oda kapena LPO imene a akaunti anatulutsa, iyikenimo, chifukwa wa IT atha kuimba ku akaunti nkutsimikiza kuti zoona kampaniyi timagwira nayo ntchito. Ndipo nenani zotsatira mosakokomeza: mukapanda kuona dizaini, mwina muvomereza chinthu chimene simunachione ndipo nambala ya foni ikalakwika pa bilibodi kampani ilipira kusindikiza kawiri, apo ayi tsiku la Lachisanu liphonyeka. Zimenezi wa IT atha kukazinena kwa abwana ake akamufunsa.

Funso limene adzafunse ndithu ndi loti bwanji osangotumiza pa imelo. Liyankheni mu kalata momwemo. Gmail imalola 25 MB basi pa imelo imodzi, ndipo maimelo a makampani ambiri malire ake ali chapompo, mwina kuposerapo pang'ono. Kuonjezera apo fayilo ikamatidwa pa imelo imafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti ngakhale ya 20 MB nthawi zina imabwerera. Ya 380 MB siyingayandikire nkomwe. Adzafunsanso kuti bwanji asaichepetse. Apa inu ndi amene mukudziwa kuposa iye: ka PDF kochepetsedwa kamathandiza kuona ngati mawu alembedwa bwino, koma sikangakuonetseni ngati chithunzi chidzaoneke chakuthwa chikakula mamita angapo. Lembani chomwecho mu chiganizo chimodzi. Ndipo za fulashi, musaitchule ngati njira yabwino, fulashi imene yazungulira makompyuta a malo osindikizira ndi imene ife timaiopa kwambiri, mwinanso kwanuko madoko a USB anatseka kale.

Kenako pemphani zochepa. Apa ndikukupemphani mundimvere chifukwa anthu amaona ngati ukapempha zambiri akupatsako theka, koma kwa ife zimayenda mosiyana, pempho likakula limafuna masiginecha ambiri ndipo limachedwa. Inu mukungofuna kulandira, simukufuna kutumiza, nde nenani poyera kuti kudaunilodi kokha kukukwanirani. Apo mwachotsa mantha aakulu aja a kutulutsa zinthu za kampani. Dziwani kuti si fayawolo iliyonse imene ingathe kulekanitsa kudaunilodi ndi kuapulodi, zimatengera mmene anaikonzera, nde akakuuzani kuti sangathe kugawa sakunama. Komabe mawu anuwo akhala atalembedwa ndipo akuonetsa cholinga chanu. Ikaninso malire a nthawi, mwachitsanzo mpaka kampeni ithe kumapeto kwa mwezi wa mawa. Lamulo lokhala ndi tsiku lothera ndi losavuta kulivomereza kuposa la muyaya. Ndipo nenani zimene zili mu mafayilo: zithunzi ndi mawu otsatsa amene adzapachikidwe pa msewu aliyense nkuona, mulibe maina, manambala a foni kapena ma ID a makasitomala. Chiganizo chimenechi chayamba kulemera kwambiri chibwerereni lamulo la Data Protection Act la 2024, limene MACRA ndi imene ikuliyang'anira, chifukwa pano kampani ikataya zinsinsi za anthu imayenera kuyankhapo.

Abwana anu alowemo musanatumize. Wa IT ali ngati mlonda wa pa geti, amakudziwani, amadziwa kuti ndinu munthu wabwino, koma katundu satuluka popanda kapepala kosainidwa chifukwa mawa kukasowa chinthu woyamba kufunsidwa ndi iyeyo. Maodita akabwera amatenga mndandanda wa malamulo a pa fayawolo nkuloza limodzi kuti ili munatsegulira ndani, anavomereza ndani, pepala lili kuti. Nde pitani kaye kwa manejala wanu, muwafotokozere pakamwa, muwapemphe kuti imelo ikafika angoyankha kwa onse kuti ndavomereza. Osangowaika pa Cc mwakachetechete ngati njira yowopsezera a IT, zimaoneka ndipo zimawawa. Ndipo ngati ofesi yanu ili ndi malo olembera matikiti kapena adilesi ya helpdesk, tumizani kumeneko, osati pa WhatsApp ya munthu, chifukwa iye akadwala kapena akapita ku nthambi ya ku Lilongwe mnzake atha kupitiriza.

Nayi mmene ndingailembere ine. Ndikudziwa maofesi ambiri imelo zimayenda m'Chingelezi, ngati kwanu ndi choncho ingoyitembenuzani, chofunika ndi zimene zilimo ndi dongosolo lake.

Mutu: Pempho lotsegula WeTransfer kwa munthu mmodzi, kudaunilodi kokha, likufunika pofika Lachitatu

Zikomo bambo,

Ndikupempha kuti munditsegulire WeTransfer pa kompyuta yanga kuti ndizitha kulandira mafayilo a dizaini kuchokera ku kampani ya ku Limbe imene ikutisindikizira mabilibodi a kampeni ya mwezi uno. Nambala ya oda yawo ndaiika m'munsimu.

Lolemba nthawi ya 10:42 m'mawa nditadina linki imene ananditumizira panabwera tsamba lokaniza, gulu lake linalembedwa kuti File Sharing and Storage. Sikirinishoti ndamata pa imeloyi. Linki yonse ndi iyi, imayamba ndi we.tl. Dzina langa lolowera, dzina la kompyuta ndi IP zilinso m'munsimu, ndimagwiritsa laputopu ndipo nthawi zambiri ndimakhala pa Wi-Fi.

Fayilo ndi ya 380 MB choncho siyingadutse pa imelo, ndipo yochepetsedwa siyingandionetse ngati zithunzi zidzatuluke bwino pa kukula kwa bilibodi. Ndikuyenera kuyiona ndi kuvomereza pofika Lachinayi masana kuti asindikize Lachisanu. Ndikavomereza osaona ndipo pakapezeka cholakwika, kampani idzalipira kusindikizanso.

Ndikungofuna kudaunilodi, sinditumiza fayilo iliyonse ya kampani kudzera pamenepa. Mu mafayilowa muli zithunzi ndi mawu otsatsa okha, mulibe zinsinsi za makasitomala kapena za antchito. Ndidzatsegula malinki ochokera ku kampani imeneyi yokha. Ndikupempha kuti ikhale yotsegula mpaka kumapeto kwa mwezi wa mawa, kenako mutha kutsekanso.

Ngati pali njira ina imene kampani inavomereza yolandirira mafayilo aakulu chonchi, ndiuzeni, ndigwiritsa imeneyo. Manejala wanga ndakambirana nawo ndipo ayankha pa imelo yomweyi. Ndili pa desiki tsiku lonse mawa ngati mungafune kuti tiyesere limodzi.

Ine wanu, dzina, dipatimenti, nambala ya foni ya pa desiki.

Mwaona kuti pempho lili mu chiganizo choyamba, ndipo mutu pawokha wanena kale zonse. Wa IT imelo zambiri amaziona pa foni ali pansi pa desiki ya munthu akulimbana ndi zingwe, nde mutu ukangoti Thandizo kapena URGENT sadziwa ngati ndi nkhani ya mphindi ziwiri kapena ya tsiku lonse. Mwaonanso kuti pa mutu ndaika Lachitatu pomwe kusindikiza ndi Lachisanu. Si bodza, ndi tsiku limene mukuifunadi, chifukwa mukuyenera kutsitsa fayilo, kuyiona, mwina kubweza kuti akonze kenako kulandiranso ina. Mukalemba Lachisanu adzatsegula Lachisanu, ndipo magetsi akavuta kapena netiweki ikachedwa tsiku limenelo mulibe pothawira.

Ndime ija yonena za njira ina musaichotse, ena amaichotsa poganiza kuti ikupatsa a IT mpata wokana. Inu chimene mukufuna ndi fayilo, WeTransfer ndi njira chabe. Ngati kampani yanu imagwiritsa Microsoft 365, pa OneDrive ya ntchito pali chinthu chotchedwa Request files, a IT akachilola mumapanga foda nkutumiza linki kwa wa ku Limbe uja, iye nkuponyamo fayilo osatha kuona zina zili mmenemo. Kwa ife njira imeneyi ndiyabwino kuposa kutsegula webusaiti yakunja chifukwa zonse zimakhala m'manja mwa kampani, ndipo kwa inunso ndiyabwino chifukwa siyitha pakatha mwezi. Kwinanso wa IT amangoti tumizani linki ndikutsitsirani ine, ndiyisikane, ndikuikireni pa foda ya dipatimenti. Pa sabata ino landirani, fayilo yafika. Koma ngati mafayilo azibwera kangapo pa sabata muwauze mowerengera kuti kangati, chifukwa iwo omwe adzaona kuti sangakhale akukutsitsirani nthawi zonse.

Zoti musalembemo ndi zochepa koma zimaononga. Musalembe kuti wakuti wakuti wa ku dipatimenti ina zimamutsegukira, mapeto ake amutsekera iyeyo ndipo inu simupindula kanthu. Musaphatikizemo kuti mutsegulenso YouTube ndi Facebook pomwepo, olo zitakhala kuti pa ntchito yotsatsa mukuzifunadi, zimenezo zilembereni kalata yake yokhala ndi zifukwa zake, chifukwa pempho la zinthu zitatu likakanidwa pa chimodzi limaima lonse. Ndipo musalembe mokalipa kuti mukutilepheretsa ntchito, amene akuwerengayo nthawi zambiri si amene anapanga polise ya kampani, anangopatsidwa kuti aziyendetsa.

Pamene mukudikira, chonde musaike zozembera fayawolo monga VPN kapena Psiphon pa kompyuta ya ofesi, ngakhale mnzanu atakuuzani kuti ndi zosavuta. Fayawolo imazizindikira ndipo imalemba dzina lanu, m'makampani ambiri ndi mlandu wolembedwa mu polise imene munasaina polowa ntchito, ndipo pempho lanu labwinoli lifera pomwepo chifukwa munthu amene wagwidwa akuzembera ndi wovuta kumutsegulira chilichonse. Kulumikiza laputopu ya kampani pa hotisipoti ya foni yanu nakonso ndi kuzemba komweko, mwachotsa kompyuta pa chitetezo chonse nkutsitsa fayilo, kenako nkuyibweza pa netiweki ya aliyense. Ngati Lachitatu lafika palibe yankho, yankhani pa imelo yomwe ija ndi chiganizo chimodzi chokumbutsa tsiku, kenako imbani kapena pitani ku ofesi kwawo. Zikakanikabe, Limbe si kutali, pemphani chilolezo mukwere minibasi mukaone dizaini pa kompyuta ya osindikizawo nkuvomereza komweko, ndipo muwalembere abwana anu kuti mwatero chifukwa chani, umenewo ukhala umboni wina woti njira yokhazikika ikufunika.

Akakuuzani kuti tatsegula koma ikukanabe, musafulumire kudandaula. Tsekani bulawuza yonse nkutsegulanso, kapena yesani pa zenera la Incognito, chifukwa nthawi zina bulawuza imasunga tsamba lokaniza lija. Zikapitirira lembani izi pa kazenera kakuda kaja:

```
ipconfig /flushdns
```

Nthawi zina mumafunika kutuluka mu Windows nkulowanso kuti fayawolo izindikire kuti dzina lanu laikidwa mu gulu latsopano. Ikakanabe jambulani sikirinishoti ina, yang'anitsitsani adilesi imene yalembedwa pa tsamba lokanizalo, mudzapeza kuti si yomwe ija yoyamba, ndi imodzi mwa maseva ena aja, nde tumizani imeneyo ndi nthawi yake.

Ikatseguka udindo wasamukira kwa inu, paja munalonjeza kuti muzitsegula za kampani imodzi yokha. Gwirizanani ndi wa ku Limbe uja kuti akatumiza aziyamba wakuimbirani kapena kukulemberani meseji kuti ndatumiza fayilo yakuti, ya kukula kwakuti. Imelo ya WeTransfer ikabwera popanda amene wakuuzani, musadine. Musanadine linki iliyonse ikani mausi pamwamba pake muone pansi pakona kumene ikupita, yeniyeni ikhala `we.tl` kapena `wetransfer.com` ndendende, osati dzina lotalika lokhala ndi mawu a wetransfer pakati. Ngati tsamba likukufunsani pasiwedi ya imelo yanu ya ku ofesi kuti muone fayilo, tsekani pompo muwauze a IT, WeTransfer yeniyeni siyifunsa pasiwedi ya imelo ya kampani yanu. Ndipo dizaini imabwera ngati PDF, TIFF, AI, PSD kapena ZIP yokhala ndi zimenezi mkati, mukapezamo fayilo yothera ndi `.exe`, `.js` kapena `.html` musaitsegule, itumizeni nkhaniyo kwa a IT ndi kuimbira amene akuti watumizayo.